Ulendo wokadya ku Zanzibar: tiyambire pati kuti m'mimba musatisokoneze?

Nagama: Muli bwanji nonse pa gulu pano? Ndikupempha nzeru kwa amene munafikako ku Zanzibar. Mwezi wa Julaye ndikufuna kupitako ndi mng'ono wanga, ndipo ulendowu ndi wa chakudya basi. Ine ndimaphikira maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe, ndiye ndikufuna ndikaone ndi maso anga momwe anzathu amaphikira pilau ndi ndiwo za kokonati, ndikagulenso zokometsera zenizeni. Tikwera basi mpaka ku Dar es Salaam, kenako boti, ndipo pachilumbapo tikakhala masiku 5. Ndalemba zinthu zinayi: msika wa usiku wa Forodhani, msika wa Darajani, munda wa zokometsera, ndi kalasi yophika. Nkhawa yanga ndi m'mimba. Mng'ono wangayu sachedwa kutsegula, ndipo sindikufuna ndalama zonsezi zikathere pogona m'chipinda. Tiyambe ndi chiti, tipewe chiti, tinyamule chiyani?

Che Jafali: Achemwali, musaope. Ine ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ndimapitako kukapikula katundu, ku Zanzibar ndinawolokerakonso kangapo, ndipo ndimadya pamsewu pomwepo. Lamulo langa ndi limodzi: chotentha chokha, chochoka pamoto ine ndikuona. Tchipisi cha mazira chija amati chipsi mayai, mishkaki, tinyama ta pakamtengo towotcha pomwepo, zimenezo sizinandivutepo. Kenako finyiranipo ndimu wambiri ndi tsabola, zimapha tizilombo tonse. Mugulenso Fulajilo muyambe kumwa tsiku lonyamuka, m'mimba mumakhala mwakonzeka.

Mayi a Chisomo: Ine ndikanakhala inu ndikananyamula ufa, nyemba ndi usipa wouma, n'kupeza nyumba yokhala ndi khitchini. Amuna anga atapita ku semina ku Tanzania anachita choncho, anabwerako bwinobwino osadwala. Zakudya za eni ake zimafuna mimba za eni ake.

Nagama: Zikomo Mayi a Chisomo, koma ndiye ulendo wathera pomwepo. Ndikupitira zakudya za eni akezo. Nsima ndi usipa ndikazipeza ndikabwerako.

Sisitala Mwayi: Che Jafali, loyambalo mwalasa, ndipo ndi lomwe lili lofunika kuposa onse. Koma za ndimu ndi Fulajilo ndikutsutsani, chifukwa anthu ambiri amapwetekera pomwepo. Ndimu ndi tsabola zimakometsa, sizipha tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba pa mphindi zochepa zomwe chakudya chimakhala m'mbale. Fulajilo nayenso ali ndi ntchito yake, makamaka pa tizilombo ta amiba ndi jiyadiya, koma kutsegula m'mimba kwa apaulendo nthawi zambiri kumabwera ndi mabakiteriya ena amene Fulajilo sawakhudza n'komwe. Munthu amangomva nseru, m'kamwa kuwawa ngati watafuna chitsulo, ndiye mukalawa bwanji pilau wa eni ake? Ndipo akamwerapo mowa amasanza koopsa.

A Nagama, mfundo yoti muigwire ndi iyi: chimene chimadwalitsa si msewu ayi, ndi nthawi imene chakudya chakhala chitapola. Chakudya chikapsa n'kutsika pansi pa madigiri 60, tizilombo timayamba kuswana, ndipo nyengo yotentha ya m'mbali mwa nyanja imatithandiza kwambiri. Chikakhala choncho maola opitirira 2 chayamba kukayikitsa, chikafika maola 4 ndi chotaya. Mayi wokazinga vitumbuwa pakhonde inu mukuona ndi wodalirika kuposa tebulo la mu hotelo pomwe mpunga wakhala wofunda kuyambira masana.

Che Jafali: Chabwino asisitala, za Fulajilo ndamva. Koma ndimu ine sindisiya.

Sisitala Mwayi: Musasiye, amakoma. Kungoti asakhale chifukwa chodyera chinthu chozizira.

Wophika wa ku Nungwi: Moni nonse. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndimagwira ntchito m'khitchini kuno ku Zanzibar, kumpoto kwa chilumba. Achemwali a Nagama, ndikuuzeni za Forodhani monga momwe ilili, chifukwa zithunzi zimanamiza.

Matebulo amayamba kuyalidwa dzuwa likamalowa, pabwalo la m'mbali mwa nyanja moyang'anizana ndi linga lakale lija. Mukangofika muona matebulo ataliatali odzaza timitengo ta nsomba, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 yotchedwa pweza, nkhanu zikuluzikulu, zonse zitasanjidwa bwino pansi pa nyali. Yandikirani muziyang'ane. Zambiri mwa izo ndi zophikaphika kale. Mukaloza, amangoziika pamakala kamphindi kuti zifunde ndi kununkhira utsi, n'kukupatsani. Palibe amene angakuuzeni kuti zinaphikidwa nthawi yanji, ndipo tebulo lalikulu chonchija silitha usiku umodzi. Ine zam'nyanja za pamatebulo otere sindigula, ndipo mukaona anthu a konkuno amene abwera ndi ana awo, ambiri sali pamzere umenewo. Ali pa msuzi wotchedwa urojo, pa pitsa ya ku Zanzibar, pa mishkaki ya nyama, ndi pa madzi a nzimbe.

Pitsayo ndi yomwe ndingakuyambitseni nayo, chifukwa zonse zimachitika inu mukuona. Amatambasula kamtanda kopyapyala, kuikapo nyama yogaya, anyezi, kuswerapo dzira, kuwonjezera mayonezi ndi tchizi pang'ono, kupinda m'mbali n'kukazinga pa chiwaya chafulati. Choti muonetsetse ndi pakati. Anthu akachuluka, wokazingayo amafulumira, kunja kumapsa koma dzira m'kati likadali lamadzi. Akaidula n'kuona kuti ikuchucha, bwezani aikenso pamoto. Sakwiya, anazolowera. Sankhani ya dzira ndi masamba kapena ya nyama, osati ya nsomba ndi nkhanu, chifukwa zimenezo amatapa m'mabakuli omwe akhala panja.

Nagama: Izi ndiye ndimafuna. Nanga poti nsombazo amazibwezera pamoto, moto suupha zonse? Ife pa ukwati ndiwo zikapola timatenthetsanso.

Sisitala Mwayi: Funso labwino, ndipo likukhudzanso ntchito yanu. Pali zinthu ziwiri. Choyamba, kufunditsa si kutenthetsa. Kamtengo ka nsomba kakakhala pamakala mphindi imodzi, kunja kumatentha koma m'kati mumangofunda, ndipo tizilombo timakhala tili moyo. Kutenthetsa koona ndi kuja chakudya chimatuluka nthunzi mpaka pakati.

Chachiwiri ndi chomwe anthu ambiri sadziwa. Tizilombo tina tikaswana m'chakudya timasiyamo poizoni, ndipo poizoniyo moto suutha. Mpunga wophika umene wagona panja umachita zimenezi. Mutha kuukazinganso mpaka kupsa, tizilombo n'kufa, koma munthu akadya amayamba kusanza pasanathe maola 6. Nsomba zina za m'nyanja yamchere, makamaka za mnofu wakuda monga jodari, zikakhalitsa padzuwa zisanaphikidwe zimapanganso poizoni wake. Ameneyo amagwira msanga, pasanathe ola: nkhope imatentha ndi kufiira, mutu kuwawa, mtima kuthamanga, thupi kuyabwa. Nthawi zina nsombayo imayabwa pa lilime ngati muli tsabola pomwe sanathire. Mukamva zimenezo siyani pomwepo.

Ndi chifukwa chake achimwene a ku Nungwi akunena kuti muziona chinthu chikuchoka chachiwisi kupita pamoto. Mukaona choncho mwadziwa mbiri yake yonse.

Mphatso wa ku Joni: Ine ndikuchenjezeni za urojo. Ndinapitako chaka chatha ndi anzanga, tsiku lofika lomwelo madzulo ndinadya urojo pa kangolo kena m'tauni. Sipanathe ola, m'mimba munayamba kupota, usiku wonse ndinali wa kuchimbudzi, mawa lake thupi kutentha. Masiku anga onse anathera pamenepo. Chinthu chimenecho musachiyandikire.

Sisitala Mwayi: Pepani a Mphatso. Ndifunseko pang'ono, chifukwa nkhani yanuyi ingawathandize a Nagama. Munasanza kapena kunali kutsegula kokha? Ena amene munadya nawo urojo anadwala? Ndipo dzulo lake ndi dzana lake munadya chiyani, kuti?

Mphatso wa ku Joni: Kusanza ayi, kutsegula ndi kupota basi, kenako kutentha thupi. Tinadya anthu atatu mphika umodzi, wodwala ndinali ndekha. Ndinadzera kumudzi kaye, ndiye ndinakwera basi kudzera pa Songwe. Dzulo lake basi itaima pamalo odyera pakati pa Mbeya ndi Iringa ndinagula nkhuku ndi tchipisi za m'kabati ya galasi, ndi kachumbari pamwamba. Nkhukuyo inali yofunda chabe, chakufupa inali yofiirira. Anzangawo anabwera pa ndege, sanadye nawo.

Sisitala Mwayi: Ndiye onani mmene zikuyendera. Chinthu chogwira pasanathe ola chimakhala poizoni amene anali kale m'chakudya, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi kusanza, kawirikawiri popanda kutentha thupi, ndipo chimatha pasanathe tsiku. Chikanagwiranso anzanu amene munadya nawo mphika umodzi. Inu munatsegula, munapotedwa, munatentha thupi, ndipo zinatenga masiku. Zimenezo ndi za tizilombo tamoyo tomwe tinalowa n'kuyamba kuswana m'matumbo, ndipo timafuna nthawi: maola 12, tsiku, masiku awiri, tina mpaka 5. Nkhuku yofunda yofiirira chakufupa ndi tomato wosaphika, zomwe munadya nokha dzulo lake, zikugwirizana bwino ndi nthawi imeneyo. Sindingalumbire popeza sitinayeze, koma ndikanati ndiloze chala, ndikanaloza nkhuku ya panjira. Urojo unangokhala chomaliza kulowa m'kamwa.

A Nagama, tengani phunziro lake: ulendo wanu wa chakudya ukuyambira m'basi, osati pachilumba. Ulendo wa basi umenewo umapitirira tsiku lathunthu, ndipo poima paliponse amakupatsani mphindi zochepa, anthu n'kumangotola zomwe zili m'kabati. Nyamulani kamba wanu wosaonongeka: buledi, mtedza wokazinga, nthochi, malalanje osenda nokha, mabisiketi, madzi a m'botolo. Mazira owiritsa ndi nkhuku ya kunyumba mudye maola oyambirira, osati kusungira mawa.

Mphatso wa ku Joni: Mwina mukunena zoona, koma mtima wanga ukuti urojo. Msuzi wake sunali wotentha.

Wophika wa ku Nungwi: Apa a Mphatso alinso ndi mfundo, tisawakanize zonse. Urojo ndi msuzi wachikasu wowawasa, wa ufa, chokometsera chachikasu chotchedwa binzari, ndi mango kapena ndimu, ndipo m'mbalemo amaikamo mbatatesi, bajia, dzira lowiritsa, tinyama towotcha ndi chinangwa chokazinga chophwanyaphwanya. Msuziwo ena amausunga pa mbaula ukuwira pang'onopang'ono, ena amauika m'chidebe n'kumatunga wofunda. Ndiye pamwamba amathira chatini cha kokonati chosaphika, choyera chija. Ngati pali pomwe urojo ungakupwetekeni ndi pawiri pamenepa. Yang'anani ngati pansi pa poto pali moto ndipo nthunzi ikutuluka. A Nagama, kwa mng'ono wanuyo nenani kuti "bila chatini", kutanthauza kuti asathire chatini. Mawu ena oti muwasunge ndi "ya moto" mukafuna chotentha, "bila kachumbari" akafuna kukuthirirani tomato ndi anyezi wosaphika, ndi "bila barafu" pa zakumwa. Koma kubwerako ku Zanzibar osalawa urojo, inu wophika, ndiye ayi.

Che Jafali: Madzi a nzimbe okha musawasiye achemwali. Amafinya inu mukuona, ndi jinja ndi ndimu. Palibe choopsa pamenepo, nzimbe ndi nzimbe.

Sisitala Mwayi: Nzimbe ilibe mlandu, koma onani pomwe madziwo akugwera. Makina ambiri amathira m'ndowa momwe muli chibuma cha ayisi, ndipo simudziwa madzi amene anaumitsa ayisiyo. Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotisunga. Makapu nawo amatsukidwa m'beseni limodzi usiku wonse. Ine ndikanati madzi a nzimbe muwasiye, mumwe madafu, kokonati wamuwisi amene amakudulirani pomwepo. Madzi ake sanakhudzidwe ndi munthu.

Wophika wa ku Nungwi: Asisitala, pamenepo ndisiyana nanu pang'ono. Ine ndimamwa, koma ndimapempha kuti andifinyire nzimbe yatsopano n'kutchera kapu yotaya kapena botolo langa pakamwa pa makina, osatunga m'ndowa. Amavomera ukapempha mwaulemu. Sakhala ozizira, koma amakoma chimodzimodzi.

Sisitala Mwayi: Zachepetsa, koma makinawo ndi manja ogwira nzimbe akadali omwewo. Kwa a Nagama mwina, kwa mng'ono wawo amene sachedwa kutsegula ine ndikanakanabe.

Nagama: Ndamva mbali zonse, tikaona tikafika. Tsopano ndithandizeni kusanja masiku. Ndimaganiza zoyamba ndi Forodhani usiku wofika, poti ndi pafupi ndi pomwe boti limakocheza.

Wophika wa ku Nungwi: Ndi pafupi zoona, mphindi zochepa wapansi, ndipo ndi chifukwa chake aliyense amathamangirako atatopa, ali ndi njala, asanadziwe chilichonse. Ine ndingasanje motere.

Usiku wofika pitani mukaone, muyendeyende, muloweze matebulo amene pakuima anthu a konkuno, koma mukadye chakudya chotentha pamalo okhala pansi, mugone msanga. Mawa lake m'mawa ndi la Darajani. Msika umenewu ndi wakale, nyumba yake inamangidwa mu 1904, ndipo mbali ya nsomba ndi nyama imafuna kufika m'mawa dzuwa lisanakwere. Ikamakwana 11 koloko fungo ndi ntchentche zimakuuzani zokha kuti mwachedwa. Nsomba yabwino maso ake amakhala owala ndi otukuka, m'mbali mwa mutu momwe imapumira mumakhala mofiira bwino, ndipo mukadina mnofu ndi chala umabwerera. Zimenezi mukuzidziwa kale pa chambo, sizisintha. Valani nsapato zotseka chifukwa pansi pamakhala madzi a nsomba, ndipo mukatuluka musambe m'manja ndi sopo musanagwire tende kapena chipatso chilichonse. Anthu amasamala mbale koma amaiwala kuti agwira ndalama, nsomba ndi zitseko, kenako n'kutola tende ndi zala zomwezo.

Kalasi yophika ikhale tsiku lomwelo kapena lotsatira, musanabwerere ku Forodhani kukadya. Makalasi ambiri amayamba ndi kukagula zinthu kumsika pamodzi ndi mphunzitsi, ena amachitikira kuminda ya zokometsera cha ku Kizimbani ndi Kidichi, ndiye mutha kuphatikiza munda ndi kalasi tsiku limodzi. Ubwino woyamba ndi kalasi ndi woti mphunzitsiyo ndi mayi wa konkuno amene amadya m'tauni momwemo. Mufunseni komwe iye amagula urojo ndi mkate wa ufuta. Yankho lake liposa lathu tonse pano.

Forodhani yokadya ikhale usiku wachitatu kapena wachinayi, mufike moto ukungoyatsidwa kumene. Usiku womaliza musayese chachilendo chilichonse. Mawa lake muli ndi boti la maola pafupifupi 2, ndipo miyezi ya Juni mpaka Ogasiti nyanja imawinduka, makamaka masana, kenako basi yaitali ija. Kutsegula m'mimba uli m'basi ya ku Mbeya ndi chinthu chomwe sindingafunire munthu.

Nagama: Pa kalasipo pali choti ndisamale? Ndimaona ngati pamenepo ndiye pabwino poti tikuphika tokha.

Wophika wa ku Nungwi: Pabwino ndithu, koma funsani zinthu zingapo musanalipire. Kodi muphika nokha kuyambira pachiyambi, kapena mukapeza zina zitaphikidwa kale inu n'kungoonerera? Kwa inu wofuna kuphunzira, zoonerera n'kutaya ndalama, komanso simudziwa kuti mpungawo unaphikidwa liti. Kodi pali madzi ndi sopo posamba m'manja? Gulu limakhala la anthu angati? Anthu khumi akamakanda mtanda umodzi wa chapati, manja ndi ambiri.

Chomwe muyang'anitsitse ndi tui, mkaka wa kokonati uja. Amakupatsani kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo, amati mbuzi, mukhalepo n'kumapala kokonati. Zopalazo mumathiramo madzi n'kufinya ndi manja. Kufinya koyamba kumatulutsa tui wokhuthara, amene amaikidwa pambali kuti athiridwe kumapeto, ndipo kwachiwiri kumatulutsa wamadzimadzi wophikira ndiwo kuyambira pachiyambi. Wamadzimadziyo amawira nthawi yaitali, alibe vuto. Wokhutharayo amalowa mochedwa ndipo ophika ena safuna kuti awire kwambiri kuopa kuti angadukeduke, ndiye onetsetsani kuti wabwatako ndithu mphindi zingapo, mukutakasa. Chatini ndi kachumbari ndiye siziona moto n'komwe. Pemphani kuti madzi ofinyira ndi otsukira tomato akhale owiritsa kapena a m'botolo, ndipo thabwa ndi mpeni zomwe zadula nsomba zisadulenso anyezi wa kachumbari zisanatsukidwe ndi sopo. Inu ndinu wophika, mukazinena monga mnzawo wa ntchito, sakhumudwa.

Kumunda amakudulirani zipatso zolawa, mafenesi, chinanazi, zina zoti simunazionepo. Zodula pomwepo idyani. Zomwe mwapeza zili kale m'mbale ntchentche zikuzungulira, zidutseni. Pogula zokometsera tengani zathunthu, karafuu, hiliki, mdalasini wa makungwa, tsabola wakuda wa njere, osati zogayagaya za m'timapaketi tokongola. Zathunthu mumaziona ndi kuzinunkhiza, ndipo fungo limakhalitsa mpaka nyengo ya maukwati.

Achimwene Dalitso: Bwanji osapita Epulo? Ndinamva kuti malo ogona amatsika mtengo kwambiri.

Sisitala Mwayi: Amatsika chifukwa ndi nthawi ya mvula yaikulu, kuyambira Malichi mpaka Meyi. Madzi akasefukira amasakanikirana ndi zonyansa, ndipo matenda a m'mimba amakwera, monga momwe timaonera kwathu kuno dzinja. Mu 2016 kolera itavuta nyengo ngati imeneyo, boma la Zanzibar linaletsa kugulitsa zakudya ndi zakumwa pamsewu. Munthu wopitira zakudya za pamsewu akanapeza palibe chomwe wapitira. Julaye ali bwino, ndi kouma komanso kozizirirako.

Che Jafali: Muonenso kalendala ya Ramadani chaka chilichonse chomwe mukupita, chifukwa imasuntha. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, mwezi umenewo malo odyera ambiri masana amatseka, ndipo kudya poyera pamsewu anthu akusala si ulemu. China, kuyambira Okutobala 2024 alendo olowa ku Zanzibar amafunika kugula inshuwalansi ya boma la konko, ndipo poyamba inali madola 44 munthu mmodzi. Muiike pa bajeti, ndipo pepala lake mulisunge pafupi, likhoza kugwira ntchito mukadwala.

Nagama: Zikomo Che Jafali, imeneyo sindimaidziwa. Asisitala, nanga m'chikwama tiikemo chiyani, poti Fulajilo mwakana?

Sisitala Mwayi: Choyamba ndi Thanzi, mapaketi okwanira anthu awiri. Chomwe chimagwetsa munthu wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo kumalo otentha zimafulumira. Paketi imodzi ya kwathu kuno mumasungunula mu lita imodzi ya madzi abwino, kumwa pang'onopang'ono, makamaka mukangochoka kuchimbudzi, ndipo otsala mumataya pakatha maola 24. Mukagula ya kumeneko werengani pa paketi, chifukwa ena amapanga a theka la lita. Ikakutherani, lita imodzi ya madzi, masupuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mpaka phiri, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Musaonjezere mchere poganiza kuti zithandiza msanga. Zakumwa za shuga wambiri zokha sizilowa m'malo mwa Thanzi, nthawi zina zimaonjezera kutsegula. Ndipo musasale kudya: phala, mpunga woyera wotentha, nthochi.

Chachiwiri, kasopo kanu ndi sanitaiza. Sopo ndi madzi ndiye mfumu, sanitaiza ndi wa pomwe palibe madzi, ndipo pa manja a mafuta kapena a nsomba sagwira bwino. Madzi akumwa ndi otsukira mano akhale a m'botolo lomwe mwatsegula nokha chitsekerero chikulira, kapena owiritsa. Kabotolo ka Wotagadi sikalemera, kangakuthandizeni mukakhala m'nyumba yophika nokha.

Chachitatu, loperamaidi, timakapisozi toimitsa kutsegula tija. Ameneyu sachiza, amangoimitsa matumbo. Ntchito yake ndi ya tsiku la boti kapena basi, kwa munthu wamkulu amene akutsegula madzi okha. Musamwe ngati muli magazi m'chimbudzi kapena thupi latentha, chifukwa mumatsekera tizilombo m'kati, ndipo musapitirize masiku 2. Ana aang'ono osawapatsa.

Zoti muthamangire kuchipatala osadikira: magazi, kutentha thupi, kusanza chilichonse chomwe mwamwa, kukhala maola 8 osakodza, chizungulire poimirira, kutsegula kopitirira masiku 3, kapena chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga chotuluka chambiri. Chomalizachi ndi cha kolera ndipo chimatha munthu pa maola ochepa, ife a ku Malawi tinaziona mu 2022 ndi 2023. M'tauni muli zipatala za boma, ndipo zolipira ziliponso. Thupi likatentha ayezenso malungo, musangoti ndi m'mimba.

Wophika wa ku Nungwi: Alendo ambiri amene ndimawaona kuno amabwera ndi maantibayotiki awo olembedwa ndi dokotala, oti amwe zikavuta. A Nagama sangachite chimodzimodzi?

Sisitala Mwayi: Madokotala ena amalembadi, makamaka kwa munthu wopita kutali ndi chipatala kapena amene ali ndi matenda ena. Ine kwa munthu amene akakhale m'tauni, chipatala chili pafupi, sindikonda, chifukwa kutsegula kwambiri kumatha kokha pa masiku ochepa ndi Thanzi, ndipo munthu akakhala nawo m'chikwama amamwa pa chimbudzi choyamba. Koma mng'ono wawoyo sindikumudziwa. Ngati ali ndi shuga, ali woyembekezera, amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku a zilonda za m'mimba ochepetsa asidi, kapena chitetezo chake n'chotsika, nkhani yasintha, akaonane ndi dokotala asananyamuke. Akafunsenso za katemera wa tayifodi. Amene anaperekedwa m'dziko muno mu 2023 anali wa ana osafika zaka 15, akuluakulu sanalandire, ndipo amafunika kubayitsa patatsala masabata 2 kapena kuposa kuti ulendo uyambe.

Nagama: Amamwadi mankhwala a zilonda za m'mimba, m'mawa uliwonse. Zikukhudzana bwanji?

Sisitala Mwayi: Zikukhudzana kwambiri, ndipo mwina ndi chifukwa chake sachedwa kutsegula. Asidi wa m'mimba ndi amene amapha tizilombo tambiri tisanafike m'matumbo. Mankhwalawo amachepetsa asidi, ndiye tizilombo tochepa tomwe inu simungatimve n'komwe, iye tingamugwetse. Asasiye kumwa payekha, koma akauze dokotala amene anamulembera kuti akupita ulendo wotere. Ndipo kwa iye malamulo aja akhale okhwima: kachumbari ayi, chatini ayi, ayisi ayi, madzi a nzimbe ayi.

Mayi a Chisomo: Mwaonatu, ufa uja munyamulebe pang'ono. Akadwala mwanayo adzafuna phala la kwawo.

Nagama: Pamenepo ndavomera mayi, kapaketi ka ufa woyera kalowa m'chikwama. Dokotala tikamuona sabata ya mawa. Achimwene a ku Nungwi, funso lina: pweza ndi nkhanuzo, ngati za pamatebulo mwakana, ndikazilawira kuti? Sindinadyepo chiyambire, ndipo ndikufuna ndidziwe kuphika kwake.

Wophika wa ku Nungwi: Mu kalasi momwemo. Polembetsa nenani kuti mukufuna pweza wa nazi, ndiye kuti wophika mu tui, ndipo mukamugule nokha ku Darajani m'mawa umenewo pamodzi ndi mphunzitsi. Wabwino amanunkhira nyanja basi, khungu lake ndi lonyezimira, osati lotuwa ndi lonanda. Amafuna kuwiritsa kaye mpaka foloko ilowe mosavuta pomwe mwendo wakhuthara, nthawi zambiri mphindi 40 kufika ola kutengera kukula kwake, kenako mumuduladula n'kumuika mu tui wamadzimadzi ndi anyezi, adyo, jinja, binzari ndi ndimu. Poti nonse simunadyepo zam'nyanja yamchere, yambani ndi pang'ono, masana, mtundu umodzi pa tsiku. Anthu ena matupi awo amadana ndi nkhanu ndi tinkhanu ting'onoting'ono tija, ndipo zimenezo sizikhudzana ndi ukhondo: milomo imatupa, thupi limachita zidzolo, ena amabanika. Milomo kapena pakhosi pakayamba kutupa, ndi za kuchipatala nthawi yomweyo. Mukandiuza masiku enieni ndikuuzani ngati ndidzakhale pa ofu, mwina n'kutsikira m'tauni kudzakuperekezani ku Darajani.